Avereji ndi 50 konsekonse, nanga bwanji makalasiwa sakufanana?

Funso: Ndimaphunzitsa Fizikisi Fomu 3 pa CDSS ina kuno mbali ya Chamama ku Kasungu. Amene anasankha phunziroli alipo 19 ku 3A ndi 20 ku 3B, mayeso a kumapeto kwa teremu analemba amodzimodzi, ndinachonga ndekha, kukhoza timayambira pa 40. 3A: 52, 44, 63, 12, 50, 47, 56, 41, 80, 54, 38, 60, 48, 53, 46, 58, 42, 55, 51. 3B: 70, 29, 35, 74, 22, 62, 33, 77, 38, 68, 25, 71, 30, 58, 75, 36, 66, 27, 72, 32. Avereji yatuluka 50 uku, 50 uku, ndiye ahedi akuti makalasiwa ndi ofanana palibe nkhani. Koma ine ndikamalowa mu 3B mtima umandiuza kuti zinthu sizili bwino. Mnzanga wina wati ndijambule bokosi puloti, ine za makwatailo ndinaiwala kalekale. Ndithandizeni, ndiyambire pati?

Yankho: Madamu, mtima wanu sukukunamizani ayi, ndipo umboni wake uli m'manja mwanu kale, kungoti malikisi adakali osokonekera mmene alili mu rejisitala. Ntchito yoyamba, musanagwire rula kapena kakyuleta, ndi kuwandanda kuyambira wotsika mpaka wokwera. Ndawandanda kale:

3A: 12, 38, 41, 42, 44, 46, 47, 48, 50, 51, 52, 53, 54, 55, 56, 58, 60, 63, 80

3B: 22, 25, 27, 29, 30, 32, 33, 35, 36, 38, 58, 62, 66, 68, 70, 71, 72, 74, 75, 77

Mukamaliza kundanda muziwerenganso kuti atsala 19 ndi 20 ndithu, chifukwa kudumpha mwana mmodzi pokopera nkosavuta ndipo kumasuntha zonse zobwera pambuyo.

Avereji yanu ndaionanso, ndi yolondola, 950 kugawa 19 ndi 1000 kugawa 20, zonse 50. Vuto la avereji ndi loti imathira malikisi a ana onse mu beseni limodzi nkugawa mofanana, ndiye amene anapeza 77 amabwereka amene anapeza 22 malikisi ake papepala, pomwe m'chipinda cha mayeso a MANEB palibe amene adzabwereke mnzake kalikonse. Makwatailo sasakaniza chonchi. Amasiya mwana aliyense ndi malikisi ake, amangowafoletsa pamzere nkudula mzerewo panayi.

Tiyerekeze mwawatulutsa panja a 3A onse 19, mwawafoletsa ngati pa asembule, wa 12 kumanzere kwenikweni wa 80 kumanja kwenikweni. Amene waima pakatikati ndi wa nambala 10, chifukwa kumanzere kwake kuli 9 kumanja kwake kulinso 9. Malikisi ake ndi 51, ndiye midiyani imeneyo, ena amalemba Q2. Tsopano mwana wapakatiyo muuzeni akhale kaye pansi, muyang'ane ana 9 a kumanzere okha. Wapakati pa iwowa ndi wa nambala 5, ali ndi 44. Imeneyo ndi kwatailo yam'munsi, Q1. Chimodzimodzi ana 9 a kumanja, kuyambira wa 52 mpaka wa 80, wapakati wawo ndi wa 56, pamzere wonse ndi wa nambala 15. Imeneyo ndi kwatailo yapamwamba, Q3. Basi, mulibe kuchulukitsa kapena kugawa, ndi kuwerenga mitu ya anthu basi.

Ndiye taonani zomwe manambala atatuwa akunena. Pafupifupi kota ya kalasi ili pa 44 kutsika, kota ina pa 56 kukwera, ndipo theka la kalasi, ana apakati aja amene nthawi zambiri sitiwatchula mu sitafu rumu chifukwa sali pamwamba komanso sakulephera, adzazana pakati pa 44 ndi 56. Mpata umenewu, Q3 kuchotsera Q1, m'mabuku amaulemba IQR. Ku 3A ndi 12.

Ku 3B ana alipo 20, ndiye palibe mwana mmodzi amene waima pakati, mpeni ukudutsa pakati pa wa nambala 10 ndi wa nambala 11, wa 38 ndi wa 58. Pamenepa mumatenga pakati pa awiriwo: 38 kuphatikiza 58 ndi 96, theka lake 48. Midiyani ndi 48. Nambala imeneyi muisunge pambali, ndibwereranso kwa iyo chifukwa ili ndi nkhani. Ana 10 a m'munsi apakati awo ndi wa 30 ndi wa 32, ndiye Q1 ndi 31. Ana 10 apamwamba apakati awo ndi wa 70 ndi wa 71, Q3 ndi 70.5. IQR yatuluka 39.5.

12 uku, 39.5 uku. Kuposa katatu. Apa ndi pamene pali yankho la ahedi.

Chinthu china chimene anthu amathamangira avereji ikawagwiritsa mwala ndi renji, wapamwamba kuchotsera wam'munsi. Pa malikisi anuwa renji ikanakusocheretsani zedi. 3A ili ndi 68, 3B ili ndi 55, ndiye munthu angati kalasi yobalalika ndi 3A, pomwe zoona ndi zosiyana. Renji imamva ana awiri okha a kumapeto, ndipo ku 3A ana awiriwo, wa 12 ndi wa 80, ndi amene sakufanana ndi anzawo onse. IQR siwamva awiriwo. Wa 12 uja atakhala kuti anapeza 2 kapena 30, Q1 ikhalabe 44, midiyani 51, pomwe avereji ndi renji zisuntha. Nchifukwa chake ine pa malikisi a kalasi ndimadalira makwatailo, chifukwa kalasi iliyonse sikusowa mwana mmodzi amene anadwala malungo tsiku la mayeso.

Tsopano kujambula. Njira imene ndimaikonda ndi ya pa bolodi kapena pa manila, ndi rula ija ya mita imodzi, chifukwa malikisi ndi 0 mpaka 100 ndipo rulayo ndi masentimita 100, ndiye sentimita imodzi ndi malikisi amodzi, palibe zowerengetsera. Jambulani mzere wopingasa m'munsi, lembani 0, 10, 20 mpaka 100. Mzerewo ukhale umodzi wa makalasi onse awiri, bokosi la 3A pamwamba la 3B pansi pake. Mukapatsa bokosi lililonse sikelo yake, diso silithanso kuyerekeza ndipo ntchito yonse yapita m'madzi.

Pa 3A ikani kamzere koimirira pa 44 ndi kena pa 56, lumikizani pamwamba ndi pansi likhale bokosi. M'kati mwake kamzere kena pa 51. Kunenepa kwa bokosi chokwera mmwamba kulibe tanthauzo, pangani mmene likuonekera bwino, chofunika ndi kutalika kwake chopingasa. Kenako pali ndevu, timizere tiwiri totuluka m'bokosi kumanzere ndi kumanja. Apa pali njira ziwiri ndipo muyenera kudziwa imene mukutsata. Njira yophweka, ndevu zimafika mpaka kwa wotsikitsitsa ndi wokweretsetsa, ku 12 ndi ku 80. Si yolakwika, koma pa 3A ikupatsani ndevu yakumanzere yotalika masentimita 32, ndipo woona angaganize kuti mu mtunda wonsewo mwamwazika ana, pomwe kuchoka pa 12 kufika pa 38 mulibe munthu.

Njira yachiwiri ndi ya mwini wake chithunzichi, John Tukey wa ku Amereka, amene anachifalitsa m'buku lake la 1977. Iye anati tiike kaye mpanda wosaoneka mbali zonse ziwiri, kutalika kwake kuchokera m'mphepete mwa bokosi kukhale IQR imodzi ndi theka:

```
mpanda wam'munsi  = Q1 - 1.5 * IQR
mpanda wapamwamba = Q3 + 1.5 * IQR
```

Ku 3A, 12 ndi theka lake ndi 18. Mpanda wam'munsi ndi 44 kuchotsera 18, pa 26. Wapamwamba ndi 56 kuphatikiza 18, pa 74. Aliyense amene ali kunja kwa mpanda mumamujambula payekha ndi kadontho kapena kanyenyezi, ndiye wa 12 ndi wa 80 atuluka. Pano mumvetsetse, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya, ngakhale aphunzitsi a masamu ndawaonapo: ndevu sizifika pa mpanda. Mpandawo sumajambulidwa nkomwe, ndi woyezera chabe. Ndevu imathera pa mwana weniweni womaliza amene ali mkati mwa mpanda, kumanzere ndi wa 38, kumanja ndi wa 63. Mukaona bokosi puloti imene ndevu yake yathera pa nambala yomwe mu rejisitala mulibe, dziwani kuti wojambulayo anakokera ku mpanda.

Za 1.5 musadandaule nazo kuti zinachokera kuti, si lamulo lochokera kumwamba, ndi muyezo umene unapezeka kuti umagwira bwino ntchito. Malikisi akakhala oti ambiri aunjikana pakati nkumachepa mofanana mbali zonse, amene amagwera kunja kwa mpanda umenewu ndi pafupifupi 7 pa 1000 aliwonse. Ndiye mu kalasi ya 19 mukapeza awiri kunja, nkoyenera kuima nkufunsa kuti kwachitika chiyani.

Ku 3B mpanda ulibe ntchito. 39.5 ndi theka lake ndi 59.25, kuchotsera pa 31 mwapitirira 0, kuphatikiza pa 70.5 mwapitirira 100. Palibe kadontho, ndevu zifika pa 22 ndi pa 77. Bokosi kuchoka pa 31 mpaka 70.5, kamzere ka midiyani pa 48. Ndevu zazifupi, bokosi lalitali ngati bwato.

Mukamaliza onjezani chinthu chimodzi chimene m'mabuku mulibe koma pa miting'i chimayankhula kuposa zonse: mzere woimirira wa choko chamtundu wina pa 40, udutse zithunzi zonse ziwiri. Ku 3A mzerewo udutsa kunja kwa bokosi, ungokhudza kunsonga kwa ndevu, olephera ndi awiri okha, wa 12 ndi wa 38. Ku 3B ulowa m'kati mwa bokosi, ndipo mukawerenga olephera ndi 10 pa 20. Theka la kalasi. Koma 3B yomweyonso ili ndi ana 6 amene afika 70 kukwera pomwe 3A ili ndi mmodzi yekha. Ndiye funso loti kalasi yabwino ndi iti lilibe yankho limodzi, 3B ili ndi ana amene angadzatibweretsere ma 1 ndi ma 2 pa MSCE komanso ndi imene ingadzadzadze ma 9.

Powerenga chithunzichi pali msampha umodzi umene pafupifupi aliyense amakodwamo koyamba, ndipo ahedi mwina adzakodwamonso, ndiye mukonzekeretu. Diso likaona chigawo chachitali limaganiza kuti mmenemo muli ana ambiri. Tinazolowera ma girafu a mizati, pomwe mzati wautali ndiye kuti anthu ambiri. Bokosi puloti siyenda choncho. Zigawo zake zinayi, ndevu yakumanzere, bokosi mpaka pa midiyani, midiyani mpaka kumapeto kwa bokosi, ndi ndevu yakumanja, chilichonse chanyamula ana ofanana, kota kota. Onani 3B. Kuchoka pa 48 kufika pa 70.5 ndi mtunda wa malikisi 22.5, muli ana 5. Kuchoka pa 70.5 kufika pa 77 ndi malikisi 6.5 okha, mulinso ana 5. Zili ngati anthu asanu mu minibasi yonse ndi anthu asanu kumpando wakumbuyo kwa takisi, chiwerengero ndi chimodzi, kusiyana ndi kupanikizana. Chigawo chachifupi ndiye kuti ana adzazana pa malikisi oyandikana, chachitali ndiye kuti atayana.

Ndibwerere ku 48 uja. Funsani kuti ndani ku 3B anapeza 48. Palibe. Wa 45 palibe, wa 50 palibe, kuchoka pa 38 kufika pa 58 mulibe ngakhale mwana mmodzi. Avereji 50 ndi midiyani 48 zonse zaima pabwalo lopanda munthu. Ndipo apa ndikuuzeni mosabisa, bokosi puloti chimenechi sichionetsa. Bokosilo limaoneka lodzadza kuchokera pa 31 mpaka 70.5 ngati ana ayala bwinobwino mtunda wonsewo, pomwe zoona ndi zoti muli magulu awiri, lina la 22 mpaka 38 lina la 58 mpaka 77, ndi chigwa pakati. Kalasi ina imene ana ake amwazikana mofanana kuyambira 22 mpaka 77 singakhale ndi bokosi lotalika chonchi poyerekeza ndi ndevu, ndiye chizindikiro chilipo ndithu: bokosi likadya pafupifupi mtunda wonse nkusiya tindevu tatifupi mbali zonse, kayikirani kuti pakati pali mphako. Ku 3B bokosi ladya 39.5 pa 55. Koma chizindikiro si umboni, umboni ndi kuona ana enieniwo.

Mankhwala ake ndi otchipa. Pansi pa bokosi lililonse, pa sikelo yomweyo, ikani kadontho kamodzi pa mwana aliyense. Ndi madontho 39 okha, mphindi zisanu mwamaliza. Ku 3A muona mulu umodzi pakati ndi awiri otayika, ku 3B muona milu iwiri yoyang'anizana. Ine sindipereka bokosi lopanda madontho pa kalasi yaing'ono ngati yanuyi, ndipo gulu likachepera ana 10 sindijambula bokosi nkomwe, madontho okha akukwana. Izi muzikumbuke mukadzafuna kugawa atsikana ndi anyamata, chifukwa atsikana 6 kuwadula panayi ndiye kuti chigawo chilichonse muli mwana mmodzi ndi theka, bokosi lotero silinena kanthu. Madonthowo asakhale ndi maina, makamaka ngati pepalalo likakhomedwa pakhoma kapena likafika ku miting'i ya makolo.

Chimene chagawa 3B pawiri manambala sanena, mukudziwa ndinu amene mumalowamo. Tengani maina 10 a m'munsiwo muike pambali pa rejisitala yoitana maina. Kuno kwathu teremu yachiwiri imakumana ndi nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ana ena amajomba masiku angapo motsatizana ali ku chigafa, ndiye mungapeze kuti khumiwo ndi amene anaphonya mutu umodzi waukulu. Mwina ndi oyenda mtunda wautali amene piriyodi yoyamba imawadutsa, ngati Fizikisi ya 3B ili mmawa pa taimu tebulo. Mwinanso ndi masamu, mafunso owerengetsera onse anawasiya osayankha. Tsegulani mapepala awo muone funso ndi funso pamene magulu awiriwa anasiyanirana, mupeza kuti nthawi zambiri ndi mafunso awiri kapena atatu amene anyamula malikisi 20 a chigwa chija. Chimene ndinganene motsimikiza nchoti ku 3B mukamaphunzitsa pa liwiro la mwana wa 50, mukuphunzitsa mwana amene kulibe, khumi akutsalira khumi akutopa kudikira, mwina nchimene mtima wanu umamva mukalowamo. Ku 3A liwiro lomwelo likukwanira ana 17 pa 19.

Nanga awiri otayika a ku 3A? Kadontho sikatanthauza kuti mwanayo mumuchotse pa chiwerengero, katanthauza kuti pitani mukaone pepala lake. Chaka china ndikuphunzitsa pa sukulu ina chakumpoto kwa boma lino, mtsikana wina amene nthawi zonse ankayenda mu ma 50 anatulukira kunja kwa mpanda ndi 19. Nditakatenga pepala lake mu kabati ndinapeza kuti masamba awiri apakati anamatana pa sitepulo, ndinatsegula onse pamodzi, ndiye gawo lonse lachiwiri silinachongedwe. Anali ndi 54. Zinandiwawa kwambiri chifukwa lipoti linatsala pang'ono kupita kwa makolo ake, ndipo avereji ya kalasi sikanandiuza kanthu, inangotsika ndi kachidutswa kosaoneka. Kuyambira pamenepo kadontho kalikonse ndimakatsata mpaka pa pepala, kam'munsi ndi kapamwamba komwe, chifukwa wa 80 nayenso atha kukhala 60 imene inaphatikizidwa molakwika, kapena ndi mwana wanzerudi amene akufunika mafunso olimbirapo.

Chofanana ndi chimenechi ndi nkhani ya ojomba. Mwana amene sanalembe mayeso musamulembe 0. Alibe malikisi, si kuti anapeza 0, ndipo ma 0 atatu mu kalasi ya 20 amakankhira mzere wonse kumanzere, Q1 nkutsika popanda chifukwa. Asiyeni kunja, mulembe pambali pa chithunzi kuti analemba ndi angati, ojomba ndi angati.

Tsopano ngati ku ofesi kuli laputopu ndipo mukufuna kutsimikiza pa Excel, ndikuchenjezeretu kuti mayankho akatuluka osiyana pang'ono ndi anga musaganize kuti wina walakwa. Muli mafomula awiri. Tinene kuti malikisi a 3A ali mu A2 mpaka A20:

```
=MEDIAN(A2:A20)
=QUARTILE.EXC(A2:A20,1)
=QUARTILE.INC(A2:A20,1)
```

Pofuna Q3 mumasintha 1 wakumapetoyo kukhala 3. Ya EXC pa 3A ikupatsani 44 ndi 56, ndendende mmene tapezera pamanja. Ya INC ikupatsani 45 ndi 55.5, chifukwa iyo mwana wapakati uja tinamukhazika pansi imamuwerengera mbali zonse ziwiri, ndiye kota imagwera pakati pa wa nambala 5 ndi wa nambala 6. QUARTILE yakale yopanda mchira imayenda ngati INC. Ku 3B ndiye mayankho a Q1 alipo atatu: pamanja 31, EXC 30.5, INC 31.5. Onse ndi ovomerezeka, akatswiri sanagwirizane njira imodzi yodulira mzere umene sugawika bwino panayi, kusiyanako kumangochokera poti mpeni waikidwa pati pakati pa wa 30 ndi wa 32. Chofunika ndi kusankha njira imodzi nkuigwiritsa makalasi onse ndi materemu onse. Ndipo taonani kuti nkhani sikusintha, IQR ya 3A ikhale 12 kapena 10.5, ya 3B ikhale 38.75 kapena 40.25, kusiyana kwa makalasiwa kudakali kwakukulu. Mukadzaona kuti mfundo yanu ikudalira kuti mwasankha EXC kapena INC, ndiye kuti kusiyana kumene mukukambako nkochepa kwambiri, kusiyeni. Excel kuyambira ya 2016 imajambulanso yokha, musankha malikisi, Insert, kenako Box and Whisker, ndipo pa Format Data Series pali posankha Inclusive median kapena Exclusive median, komanso Show inner points imene imaika madontho aja. Chithunzicho chimatuluka choimirira m'malo mopingasa, kuwerenga kwake nkomweko, ndipo ka x kamene kamaoneka m'bokosi ndi avereji.

Mwina mukuti zonsezi ndi zotheka chifukwa ana ndi 20, nanga kalasi ya Fomu 1 ya ana 72? Imeneyo ine sindikopera manambala nkomwe, ndimagwiritsa mapepala a mayeso enieniwo, ngati mmene timasankhira fodya pa mkeka. Pa tebulo ndimapanga milu, ma 20 apa, ma 30 apa, ma 40 apa, kenako mulu uliwonse ndimaundanda pawokha, nkusanjikiza yonse mulu umodzi wotsika ali pamwamba. 72 kugawa panayi ndi 18. Ndimawerenga mapepala 18 nkuika rula, 18 ena nkuika cholembera, 18 ena nkuika kena kalikonse. Pamene pali rula, pepala la pamwamba pake ndi la pansi pake, la nambala 18 ndi 19, pakati pa malikisi awo ndi Q1. Pa 36 ndi 37 ndi midiyani, pa 54 ndi 55 ndi Q3. Ubwino wake mulu wa kota yam'munsi uli kale m'manja mwanu, maina 18 a ana ofunika thandizo, simukafufuzanso mu rejisitala. Ana ambiri akafanana malikisi, tinene asanu onse 45, palibe vuto, aliyense amawerengedwa payekha pamzere, musawaphatikize kukhala mmodzi.

Mawu awiri ochenjeza pa miting'iyo. Loyamba, bokosi lalifupi si nthawi zonse lili nkhani yabwino. La 3A ndi labwino chifukwa lakhala pa 44 mpaka 56, kumanja kwa mzere wa 40. Bokosi lofupika chimodzimodzi litakhala pa 20 mpaka 32 ndiye kuti kalasi yonse yalephera pamodzi, ndipo litapanikizika kumtunda pa 85 mpaka 95 mwina mayeso anaphweka kwambiri moti sanathe kusiyanitsa ana. Muziyang'ana ziwiri, pamene bokosi lakhala ndi kutalika kwake. Lachiwiri, inu mwatha kuyerekeza 3A ndi 3B chifukwa pepala linali limodzi, wochonga mmodzi. Wina akadzafuna kuika bokosi la Fizikisi pambali pa la Chichewa nkumati mphunzitsi uyu akugwira ntchito uyu ayi, mukane, chifukwa 50 wa pepala lina si 50 wa pepala lina. Komanso musakokere nkhani pa tinthu tating'ono, monga zoti midiyani ya 3A ndi 51 ya 3B ndi 48. Ndi ana 20, ndiponso ndi chigwa chija pakati, mwana mmodzi yekha wa 58 atatsikira ku 38 midiyani ya 3B igwa kuchoka pa 48 kufika pa 38, ndiye kusiyana kwa malikisi atatu kulibe mphamvu.

Kwa ahedi mupite ndi manila imodzi, mabokosi awiri, madontho pansi pake, mzere wa 40, ndi ziganizo ziwiri: ku 3A theka la ana lili pakati pa 44 ndi 56, olephera awiri, ku 3B palibe amene ali pakati pa 38 ndi 58, olephera khumi. Pempho lanu likhale la piriyodi imodzi kapena ziwiri za masana pa sabata za khumi amenewo, pa mitu imene mupeze mukatsegula mapepala awo. Teremu ikubwerayi mudzajambulenso pa sikelo yomweyo pansi pa zakalezi, ndipo ku 3B diso lanu lidzakhale pa Q1, ngati yachoka pa 31 kusendera ku 40, osati pa avereji, chifukwa avereji itha kukwera ndi ana apamwamba okha, khumi a m'munsi aja adakali pomwepo. Koma musanapite ku ofesiko, yambani mwatulutsa pepala la mwana wa 12 uja muwerenge masamba ake limodzi limodzi.